Mapu a nyengo aziwerengedwa pomaliza

Aphunzitsi anzanga a jogirafe, ambiri mwa inu muli nawo masilayidi aja a zigawo za nyengo amene akhala akuyendayenda pakati pathu, wina kupatsira mnzake pa fulashi. Ndi abwino ndithu, zithunzi zake n'zooneka, ndipo amene anawakonza anakhetsa thukuta. Koma ine ndili nawo chifukwa pa nkhani ya kasanjidwe. Silayidi yoyamba ndi mapu a Africa opakidwa utoto wamitundumitundu. Yachiwiri ndi mndandanda wa zigawo: nkhalango za pa ikweta, madera a udzu ndi mitengo yapatalipatali, chipululu, nyengo ya ku Mediteraniyani. Zimene zimachititsa kuti mvula igwe zili kumapeto kwenikweni, ndipo timazifika belu litatsala pang'ono kulira.

Kasanjidwe kameneka n'kozondoka. Mwana akayamba waona mapu asanamve za mvula, amangoloweza utoto: pobiriwira kwambiri ndi ku Kongo, pachikasu ndi ku Sahara. Mukam'patsa mapu omwewo atatuluka m'makina ojambulira mapepala, onse ali otuwa, wasochera. Pamene mwana amene wamvetsa chifukwa chake mvula imagwa angathe kujambula yekha theka la mapu amenewo asanawaone n'komwe. Inu amene munadutsa m'manja mwanga mukukumbukira kuti ndinkayambira silayidi ya kumapeto n'kumabwerera chammbuyo. Lero ndifotokoze chifukwa chake.

Mvula yonse, kaya ya bingu kaya ya mawawa, nkhani yake ndi imodzi. Mpweya umanyamula madzi osaoneka, amene timawatcha nthunzi, koma pali malire a kuchuluka kwa nthunzi imene ingakhalemo, ndipo malirewo amatengera katenthedwe. Mpweya wokwana bokosi la mita imodzi mbali zonse, ukatentha madigiri 30, ungathe kukhala ndi madzi okwana magalamu 30. Ukazizira kufika pa madigiri 20 ungasunge magalamu 17 okha, ndipo pa madigiri 10 ndi magalamu 9 basi. Tsono mpweya wodzaza nthunzi ukazizira, madzi otsalawo alibe kolowera koma kusanduka timadontho. Ana amaziona tsiku ndi tsiku pa botolo la chakumwa chozizira limene limachita thukuta kunja, ndiponso pa mame a mmamawa. Funso lalikulu la phunziro lonse ndiye lakuti: n'chiyani chimaziziritsa mpweya wochuluka nthawi imodzi? Yankho ndi kukwera. Mpweya ukakwera umapeza kuti pamwamba palibe choupanikiza kwambiri, umafufuma, ndipo pofufumapo umazizira. Mwana akagwira zimenezi, mitundu itatu ya mvula ya pa silayidi ija imangokhala njira zitatu zokwezera mpweya.

Njira yoyamba sindichedwapo chifukwa aliyense amaidziwa. Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala likawotcha nthaka, mpweya wapansi umatentha, umapepuka n'kukwera. Mmamawa kumacha kopanda mtambo, pofika masana mitambo yayamba kuunjikana ngati thonje, chakumadzulo bingu ndi mphezi. Mvula yake ndi yamphamvu, yosakhalitsa, ndipo ndi yatsankho: imagwa kutsidya kwa dambo, kuno fumbi lili koboo. Chizimalupsa nthawi zambiri chimabwera chotere.

Njira yachiwiri, ya mapiri, ndi imene ndimakhalitsapo, chifukwa ili ndi masamu amene mwana wa Fomu 3 angachite pa bolodi. Silayidi imangoonetsa kaphiri kosongoka, kamtambo mbali imodzi ndi kamuvi kotsika mbali inayo. Ine ndimakapatsa dzina kaphiriko, ndimati ndi Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Malamulo ndi awiri okha. Mpweya umene sunayambe kupanga mitambo umazizira ndi madigiri 10 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera. Ukayamba kupanga mitambo umazizira pang'onopang'ono, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000, chifukwa nthunzi posanduka madzi imatulutsa kutentha kumene inatenga pochoka m'nyanja.

Tiyerekeze mphepo yochokera kummwera chakummawa yafika m'minda ya tiyi patsinde pa phirili, pamalo okwera mamita 700, ikutentha madigiri 26. Tinene kuti chinyezi chimene yanyamula n'chakuti mitambo iyamba mpweyawo ukazizira kufika pa madigiri 18. Uyenera kutaya madigiri 8, ndiye kuti ukwere mamita 800. Mitambo iyambira pa mamita 1,500. Kuchoka pamenepo ukukwerabe mpaka kudutsa pamsana pa phiri pa mamita 2,500, mvula ikugwa njira yonseyo. Pa mamita 1,000 amenewa wataya madigiri 6 okha, wafika pamwamba uli pa madigiri 12. Tsopano ukutsika mbali ya ku Phalombe. Madzi ake wasiya kuseri, mitambo yatha, choncho ukutenthera pa lamulo loyamba lija, madigiri 10 pa mamita 1,000. Kutsika mamita 1,800 ndi kuwonjezera madigiri 18. Wafika pansi uli pa madigiri 30. Unanyamuka pa mamita 700 uli pa madigiri 26 ndiponso wonyowa, wafika pa mamita 700 omwewo uli wotentherapo ndi madigiri 4 ndiponso wouma.

Manambala oyambira aja ndangosankha kuti masamu ayende bwino, ndipo mphepo yeniyeni siimvera bolodi bwinobwino, ina imalambalala phiri m'malo molikwera. Koma zotsatira zake zili pamtunda, aliyense angathe kuziona. Mbali ya kummwera kwa Mulanje kuli tiyi ndipo malo ena mvula imapitirira mamilimita 2,000 pachaka. Kuseri, m'chigwa cha Phalombe, kumagwa mwina theka la imeneyo. Kumpoto nkhani ndi yomweyo. Mphepo ikadutsa pa nyanja ya Malawi n'kuomba zitunda za Viphya, Nkhata Bay amalandira mvula yoposa mamilimita 1,500, n'chifukwa chake kuli mitengo ya labala ndi nkhalango zowirira. Mukawoloka zitundazo n'kutsikira ku chigwa cha Rumphi, mvula imavuta kufika pa mamilimita 800. Chiperoni cha pakati pa Meyi ndi Ogasiti ndi m'bale wake wa zimenezi: mpweya wozizira, wachinyezi, wochokera ku nyanja ya mchere ya India, umene ukakwera mapiri a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre umasanduka nkhungu ndi mawawa. Dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambiki, mbali imene mitamboyo imaonekera ikubwera.

Apa pali pamene ana amaphonya kawirikawiri, ndipo muzitchera khutu. Mukafunsa chifukwa chake kuseri kwa phiri kuli kouma, ambiri amayankha kuti phiri limatchinga mitambo ngati khoma. Yankho limeneli likusonyeza kuti waona chithunzi koma sanamve nkhani. Mpweya umadutsa ndithu. Chimene chasintha n'chakuti ukutsika, ndipo mpweya wotsika umatentha, umamwa timadontho m'malo motipanga. Mwana amene wagwira mfundo imeneyi savutika mukadzafika pa Sahara ndi Kalahari, pakuti kumenekonso mpweya umatsika kuchokera kumwamba, ngakhale kuti choutsitsa si phiri.

Njira yachitatu ndi imene ndimakangana nayo kwambiri. Silayidi imaonetsa mpweya wofunda ukukwera pamwamba pa mpweya wozizira, ngati galimoto pa chitunda. Zimenezi n'zoona, ndipo ndi mvula ya tsiku ndi tsiku ku Mangalande. Mu Africa muno mungaione ku Cape Town, kumene mvula yambiri imagwa m'miyezi yozizira ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, ife kuno tikuotha moto kunja kuli gwaa. Koma mvula imene imadyetsa Malawi si imeneyo. Yathu imabwera mphepo ziwiri zofunda zikakumana, ina yochokera kumpoto chakummawa, ina kummwera chakummawa. Palibe yozizira kwambiri yoti ilowe pansi pa inzake. Zonse zikakumana zimasowa kopita n'kukwera pamodzi. Lamba amene zimakumaniranapo ndi amene pa silayidi analemba kuti ITCZ. Ndikuona kuti n'kulakwira ana kuthera mphindi 20 pa mvula ya ku Mangalande, lamba ameneyu n'kungomutchula podutsa.

Pa silayidi ya lambayu pamakhala mizere iwiri, wa Januwale ndi wa Julayi. Muziuza ana kuti si malamba awiri, ndi mmodzi amene anajambulidwa pa nthawi ziwiri, monga mungajambule mwana yemweyo ali ku sukulu ndi ali kumudzi. Lambayu amatsatira dzuwa, koma amatsalira mmbuyo ndi masabata angapo. Dziko lathu lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa ikweta. Ku Lilongwe, pafupi ndi madigiri 14, dzuwa limadutsa pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala likupita kummwera, limakafika pa madigiri 23.5 cha pa 21 kapena 22 Disembala, n'kudzadutsanso pamutu mu Febuluwale likubwerera. Ndiye dzinja lathu limenelo, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mu Julayi lambayu amakhala kutali kumpoto, cha kumphepete kwa Sahara, ife n'kutsala ndi mwera. Asodzi a kunyanja amazidziwa izi popanda silayidi: nthawi ya mwera ndi ina, nthawi ya mpoto ndi ina. Palinso mpweya wachinyezi kwambiri wochokera ku Kongo, umene umalowa kuchokera kumpoto chakumadzulo. Olengeza zanyengo pa wailesi amautchula kawirikawiri m'dzinja, ndipo ukakumana ndi lamba uja ndi pamene timaona mvumbi wa masiku atatu, zovala osauma.

Anamondwe masilayidi sawatchula n'komwe, koma mwana aliyense wa kummwera adzakufunsani za Freddy wa mu Malichi 2023. Yankho lalifupi ndi lakuti namondwe amabadwira pa nyanja ya mchere pamene madzi afunda kupitirira madigiri 26 kapena 27, ndipo mpweya wake umakwera mozungulira. Freddy atalowa kumtunda cha ku Quelimane anabweretsa mpweya wodzaza madzi umene unakwezedwanso kachiwiri ndi mapiri a Mulanje ndi Blantyre. Njira ziwiri zokwezera mpweya zinagwirira ntchito pamodzi, kwa masiku angapo, pamalo amodzi.

Tsopano, ndipo tsopano pokha, ndimayatsa mapu.

Choyamba kuwerenga si utoto, ndi mutu wa mapu. Masilayidi amenewa ali ndi mapu awiri ofanana maonekedwe, ena a zigawo za nyengo, ena a kuchuluka kwa mvula pachaka, ndipo ana amawasokoneza chifukwa onse ndi obiriwira pakati, achikasu mmwamba. Mapu a mvula akunena chinthu chimodzi, mamilimita. Mapu a zigawo aphatikiza mvula, katenthedwe ndi miyezi imene mvulayo imagwa. N'chifukwa chake malo awiri a mvula yofanana kuchuluka angakhale m'zigawo zosiyana, ena ikugwa m'miyezi yotentha, ena m'miyezi yozizira. Pansi pa mutu muziyang'ana zaka. Nyengo ya dera imawerengedwa pa zaka 30, ndipo zaka zimene akatswiri akugwiritsa ntchito pano ndi za 1991 mpaka 2020. Mapu akakhala opanda zaka, auzeni ana kuti tikuwakhulupirira mwaulemu chabe.

Kenako kabokosi kofotokoza utoto. Ndimaimitsa mwana mmodzi pafupi ndi khoma kuti awerenge mokweza mtundu uliwonse ndi manambala ake, chifukwa purojekitala yathu m'kalasi lopanda makatani imasandutsa mitundu itatu yobiriwira kukhala umodzi. Pamenepanso ndi pofunsa kuti milimita imodzi ya mvula ndi chiyani. Ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Denga la kalasi la mamita 10 kwa mamita 8, mvula ya mamilimita 25 ikagwa, latsanula malita 2,000, migolo 10 ya malita 200. Akamva zimenezi nambala ya 800 ija imasiya kukhala nambala wamba.

Pa mapu a mvula pali mizere yokhotakhota yolumikiza malo a mvula yofanana. Kawerengedwe kake ndi kofanana ndi ka mizere yosonyeza kukwera kwa malo imene anaphunzira kale. Mudzi ukakhala pakati pa mzere wa 800 ndi wa 1,000, yankho lolondola ndi lakuti mvula yake ili pakati pa manambala awiriwo, osati 900 ndendende. Mizere ikathithikana, mvula ikusintha msanga pa kamtunda kochepa, ndipo mwana wochenjera ayenera kukayikira kuti pamenepo pali phiri kapena gombe. M'patseni mapu a mapiri ayike pambali atsimikize yekha.

Chinthu chimene masilayidi satchula ndi chimene mapu abisa. Mapu a Africa okwana pa tsamba limodzi amakhala pa sikelo ngati ya 1:40,000,000, kutanthauza kuti sentimita imodzi ndi makilomita 400. Dziko lathu lonse, la makilomita opitirira 800 mulitali, ndi masentimita awiri ndi pang'ono. Phiri lonse la Mulanje silikwana milimita imodzi, kadontho ka bolopeni kalikwirira. Ndiye wojambula amapaka Malawi yense utoto umodzi, Nsanje ndi Nyika n'kukhala pachibale. Mwana wa ku Nkhata Bay akamva kuti kwawo ndi dera la udzu ndi mitengo yapatalipatali amadabwa, ndipo akulondola kudabwa. Mapu sananame, koma ayankha funso la kontinenti yonse, osati la boma limodzi. Chimodzimodzi malire a zigawo. Pa pepala ndi mzere wakuthwa ngati malire a munda, koma pamtunda nkhalango imapepuka pang'onopang'ono pa makilomita mazanamazana.

Poyesa ngati amvetsa ndimachita izi. Ndimayika chala pa ikweta ku Kisangani, m'dziko la Kongo, kumene mvula imagwa pafupifupi mwezi uliwonse n'kupitirira mamilimita 1,500 pachaka. Ndimayendetsa chalacho kummawa osachoka pa mzere mpaka ku Garissa, m'dziko la Kenya, kumene sifika mamilimita 500 ndipo anthu amaweta ngamira. Mzere ndi womwewo, dzuwa ndi lomwelo. Kenako ndimatsikira kummwera, pafupi ndi madigiri 23. Kugombe la kummawa kuli Inhambane wa ku Mozambiki, wa mitengo ya kokonati ndi mvula yopitirira mamilimita 800. Kugombe la kumadzulo kuli Walvis Bay wa ku Namibia, kumene chaka chonse sikugwa ngakhale mamilimita 30. Onse ali m'mphepete mwa nyanja. Kusiyana kwake ndi madzi a m'nyanjamo. Kummawa ndi ofunda, amapereka nthunzi yambiri ndipo mpweya wake umakwera mosavuta. Kumadzulo kumadutsa madzi ozizira a Benguela ochokera kummwera, amene amaziziritsa mpweya wapansi, n'kukhala wolemera, wosafuna kukwera. Umangopanga nkhungu mmamawa basi. Mwana amene analoweza kuti pa ikweta pali mvula ndipo pafupi ndi nyanja pali mvula amagwa mafunso onse awiri. Amene akufunsa kuti chinyezi chilipo kodi, nanga choukweza mpweyawo chilipo, amayandikira yankho ngakhale malowo sanawamvepo.

Ndikudziwa chimene ena a inu munena, poti tinakambapo kale mu ofesi ya aphunzitsi. Mukuti mayeso amabwera m'Chingerezi, amafunsa mitundu itatu ya mvula ndi mayina ake, ndipo nthawi ndi yochepa. Pa mayinawo ndikuvomereza, ana ayenera kuwadziwa ndi kuwalemba molondola, mvula ya ku Mangalande ija ayijambulenso bwino chifukwa imafunsidwa. Koma dzina limamata msanga pa chinthu chimene mwana wachiona kale m'maganizo mwake. Za nthawi sindikuvomereza. Masilayidi ndi omwewo, mapiriyodi ndi omwewo, ndangosintha choyamba ndi chomaliza. Masamu a Mulanje aja amatenga mphindi 10, ndipo magetsi akazima amayenda bwinobwino ndi choko.

Pali funso limodzi limene mapu a mvula sangayankhe, ndipo ana a alimi amalifunsa okha. Pa mapu, Lilongwe ndi madera ena a m'chigwa cha Shire sasiyana kwambiri: kwina mamilimita 800 ndi kanthu, kwina 700 ndi kanthu. Nanga bwanji chimanga chimachita bwino ku Lilongwe pamene kuchigwa anthu amadalira mapira ndi mchewere, kapena kudikira kudzala kudimba madzi akaphwa? Nambala ya pachaka siinena kuti mvulayo inagwa liti. Mamilimita 750 angagwe mwadongosolo kwa miyezi inayi, kapena angagwe theka m'masabata awiri n'kutsatana ndi ng'amba ya masabata atatu chimanga chikumasula. Siinenanso za madzi amene dzuwa limatenga. Lilongwe ali pamalo okwera mamita opitirira 1,000, pamene Nsanje sakwana mamita 100 ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumatha kutentha kupitirira madigiri 40, nthaka n'kumauma msangamsanga. Kuti muone zimenezi pamafunika girafu ya mwezi ndi mwezi, ya mipiringidzo ya mvula ndi mzere wa katenthedwe. Ili pa silayidi ina pakati pa mulu womwewo, ndipo ndimayiika pambali pa mapu, osati payokha.